Mkaka Woswera Padzuwa

Bere langa lakumanzere linagwidwa ndi anthu ambiri m'sabata imodzi kuposa mmene lagwidwira moyo wanga wonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba wasamba m'manja. Ndikaikumbuka sabata imeneyo, chimene chimayamba kubwera si ululu ayi, ndi fungo.

Nthawiyo tinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana ku Broadhurst, mumzinda wa Gaborone. Ine ndine telala. Makina anga anali pa zenera, bedi kumbuyo kwa katani, ndipo amuna anga ankadzuka m'mamawa kupita ku CBD, pakati pa mzinda, kumene ankamanga nawo nyumba zitalizitali zija. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwira konko. Amayi anga sakanatha kubwera kuchokera ku Kasungu, choncho amene anabwera kudzatisamalira anali azakhali a amuna anga, mayi amene anali atagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Gaborone kuno zaka zochuluka. Ndiwo anaitanitsa amuna anga kuchokera kumudzi n'kuwapezera pogwira. Ndiye mutha kuona kuti m'nyumba mwathu mawu awo sankagwa pansi.

Sindingawanamizire ulesi. Anapempha tchuthi kwa abwana awo, anayala mphasa pansi pa makina anga, ankachapa matewera, ankandiphikira phala la nsinjiro. Vuto lawo linali lakuti chilichonse ankachidziwa kale.

Mkaka unabwera patapita masiku ochepa nditabereka, ndipo unabwera mwaukali. Mabere onse awiri anatupa, anauma gwa, khungu likunyezimira, nsonga zitalowa moti mwana akati agwire kamwa yake inkangoterereka. Iye kulira, ine kulira. Ku kiliniki ya m'dera lathu kunali namwino wina wa ku Zambia, wamfupi, wolankhula Chinyanja cha mu Lusaka mothamanga. Iyeyo anasamba m'manja, ndimukumbukira pa chimenecho. Anandionetsa kuika nsonga za zala mozungulira nsonga ya bere n'kukanikiza pang'onopang'ono cham'kati kwa kamphindi, kuti kutupako kubwerere m'mbuyo, pafewe, mwana apeze pogwira. Anati ndikame pang'ono chabe, kungoti ndipepukidwe, chifukwa ukakama wambiri bere limaganiza kuti ukufunika wambiri n'kupanganso wochuluka. Anati mwana ayasamule kwambiri, alowetse ndi mbali yakuda ija, osati kulendewera pa nsonga pokha. Ayamwe nthawi iliyonse akafuna, akamaliza ndiike kansalu kozizira, kamisolo isandithine. Ndinachita zomwezo ndipo pamasiku awiri atatu zinatha. Azakhali anati linali phala lawo lija.

Mwana asanakwanitse miyezi iwiri ndinayenera kupita ku Oodi, mudzi wina wa kunja kwa Gaborone. Ndili ndi pakati ndinali nditalandira oda ya madiresi a leteisi, nsalu yabuluu ija imene azimayi a kuno amavala pa ukwati, ndipo ukwatiwo unali utayandikira. Ndinakama mkaka m'kapu, ndinauika m'firiji ya alandilodi, ndinauza azakhali kuti pofika masana ndikhala nditabwera. Ndinavala kamisolo yothina kuti ndisanyowetse bulauzi pamaso pa makasitomala, chikwama cholemera cha madiresi ndinachikoleka lamba wake atadutsa pa bere lakumanzere.

Ku Oodi ndinakapeza azimayi aja atanenepa onse ngati anapangana. Uyu zipi sikutseka, uyu m'khwapa mukumuluma, wina anali asanabwere n'komwe kuchokera ku moraka, kumene amasungira ng'ombe zawo. Ndinakhala pansi pa mtengo kusosola ndi kusoka pamanja, singano pakamwa, mabere akudzaza. Podzadikira kombi, minibasi ya kuno, pamsewu dzuwa linali litapendeka, ndipo bampu iliyonse ndinkaimva m'chifuwa. Ndinalowa pa geti ndikumasula kale mabatani, mwana ndikumumva kulira.

Azakhali anali naye m'manja. Atandiona anatembenuka n'kundipatsa msana.

"Iyayi apongozi. Mkaka umenewo waswera padzuwa, wasasa. Mukufuna mwanayu atsegule m'mimba?"

Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Kwathunso amanena kuti mayi akachokapo tsiku lonse asafikire kuyamwitsa, ayambe wataya mkakawo. Ndinayesa kunena kuti namwino uja anati mwana aziyamwa nthawi iliyonse akafuna. Anandifunsa kuti anesiwo anabereka ana angati. Iwo anabereka asanu ndi mmodzi ndipo onse ali moyo. Amuna anga anali atakhala pa ndowa pakhomo, akupukuta nsapato imene inali yoyera kale.

Azakhali anandikhazika pa bedi n'kuyamba kundikama ngati mbuzi, akutsina nsonga yeniyeniyo ndi zikhadabo. Nsonga yakumanzere inali ndi kamng'alu kakang'ono kuyambira kale, ndipo tsiku limenelo kanayasama. Mkakawo anaulandira m'kapu yachitsulo, anaununkhiza, anakwinya mphuno ngati aona zoola, n'kukautaya kuseri pafupi ndi mpanda. Ndinaona pa zenera galu wa alandilodi akuunyambita mosangalala. Mwana wanga nthawi yomweyo ankamwa mkaka wa m'chitini, m'botolo limene azakhali anabwereka kwa mnzawo masana aja mkaka wa m'firiji utatha. Ndinanyansidwa mpaka malovu anadzaza m'kamwa.

Kutacha, bere lakumanja linali litafewa ndipo azakhali analola kuti mwana ayamwe. Lakumanzere linali ndi chotupa cholimba chakumtunda, cha kukhwapa, momwe munadutsa lamba wa chikwama muja. Pankatentha ukagwira. Pa khungu ngati langali kufiira sikuoneka msanga, koma malowo anali atada mosiyana ndi kwina, akunyezimira. Azakhali anati limenelo ndiye mwana asaliyandikire mpaka litachira.

Linali Lamulungu. Akuweruka ku tchalitchi, amayi a kumpingo kwathu, Amalawi okhaokha, anadutsa kudzaona wodwala. Kachipinda kaja kanadzaza, ena atakhala pa nsalu za makasitomala anga. Anali atagula nkhuku yokazinga pa njira ndipo anadyera momwemo. Kenako azakhali anandivundukula, ndipo aliyense anabwera ndi zala zake za mafuta kudzakanikiza, kudzalinyamula ngati akuyesa kulemera kwa papaya pa msika, kudzapukusa mutu. Anagwirizana mosavuta kuti mwana anageyera berelo. Akuti khanda likageya lili pa bere mpweya umalowa m'kati n'kutupitsa. Wina anati zinamuchitikira mlamu wake ku Mzimba. Wina anandiyang'ana m'munsimunsi n'kufunsa ngati ine ndi bambo a mwana sitinafulumire zinazake. Anaseka onse. Ine ndinali chikhalire, bere lili pamtunda.

Mankhwala ake anali mthiko. Anawiritsa madzi, anaviikamo mthiko wathu womwe uja wophikira, ndipo azakhali anayamba kundithowa nawo, kukanikiza chotupacho mwamphamvu kutsikira ku nsonga kuti akuti mkaka woundanawo utuluke. Amayi awiri anandigwira mapewa. Ndinkakuwa ndipo ankandiuza kuti ndilimbe mtima, kuwawako ndiye kuti zikugwira ntchito. Atatopa, mayi wina wachikulire anatulutsa masamba m'chikwama, anawatafuna bwinobwino, nkhuku ija ili m'mano, n'kulavulira m'dzanja lake. Anasakaniza ndi phulusa ndi mafuta odzola n'kumata bere lonse mpaka pa mng'alu paja. Pamwamba anamanga chitenje mothina. Atatero anaimba nyimbo, anapemphera, anapita.

Fungo lake sindidzaliiwala. Malovu a munthu, phulusa lonyowa, mkaka wodontha umene tsopano unkasasadi m'chitenje muja, thukuta la mwezi wa Okutobala m'chipinda cha malata. Ntchentche zinkandilondola. Mwana akamayamwa kumanja ndinkamutchinga nkhope ndi dzanja kuti asakhudze nyansizo.

Tsiku lotsatira ndinayamba kuzizidwa. Kunja dzuwa likuswa mtengo, ine ndili m'bulangete mano akugundana, mafupa akuphwanya ngati malungo. Mutu unkalemera. Bere linkagunda palokha ngati lili ndi mtima wake. Azakhali anati ndiye kuti matenda akutuluka, ndipo anandithowanso m'mawa ndi madzulo. Mmodzi wa amayi aja anatumiza makapisozi atamangidwa m'kapepala ka buledi, opanda dzina, otsala pamene amuna ake ankadwala dzino. Azakhali anatsegula kapisozi mmodzi n'kuwaza ufa wake pa mng'alu paja ngati akuthira mchere m'ndiwo. Pa mng'alupo panali patayamba kutuluka zachikasu.

Anthu amandifunsa chifukwa chimene sindinathamangire ku kiliniki tsiku loyamba. Amene amafunsa choncho sanakhalepo mtengwa m'chipinda chimodzi ndi munthu amene anawolotsa mwamuna wako malire, amene akukuchapira matewera, amene wanyamula mwana wako n'kukuuza kuti ukamuyamwitsa umupha. Ndinali ndi mantha, ndinali ndi malungo, ndipo pakhomo anali atakhalapo azakhaliwo.

Chimene chinandidzutsa chinachitika m'mawa wa tsiku linalo, amuna anga akutuluka kupita ku ntchito, chipewa cholimba cha kuntchito chili kumutu. Azakhali anawaitana kuti abwerere. Anati mthiko walephera chifukwa njira yatsekeka kwambiri, ndiye chatsala n'chakuti mwamuna ayamwe yekha ndi mphamvu, azilavula m'kapu, mpaka zoipazo zitatha. Anati amuna enieni amatero. Ndinaganiza kuti amuna anga aseka kapena akana. Anayang'ana pansi, anayang'ana azakhali awo, kenako anaika pansi kontena ya chakudya chawo n'kuvula chipewa. Anayamba kugwada m'mbali mwa bedi, bambo wandevu zake, pakamwa pakununkha tiyi ndi sadini za m'chitini, mwana wawo akulira kumapazi kwanga.

Ndinawakankha pamphumi.

"Musayerekeze. Bere ili lili ndi mwini wake, ndi uyo akulirayo."

Ndinadzuka, chipinda chikuzungulira, ndinatola khadi la kusikelo. Azakhali anati ndikukachititsa manyazi banja kwa anthu a eni. Amuna anga anabereka mwana kumsana, zimene anali asanachitepo, n'kunditsatira.

Ku kiliniki ndinapeza namwino wa ku Zambia yemwe uja. Atamasula chitenje chija anabwerera m'mbuyo n'kutembenuza nkhope, munthu woti amaona zilonda tsiku ndi tsiku.

"Mami, nindani anakuchitani so? Ili ni bele, si nyama yosasantha."

Anavala magolovesi n'kunditsuka ndi madzi aukhondo mpaka khungu linaoneka. Pansi pa phulusa paja panali mikwingwirima ya mthiko, pena patasupuka ndi madzi otentha. Anandipima kutentha kwa thupi ndipo anapukusa mutu. Anatsegula khadi langa kuona zotsatira za magazi a HIV, popeza kwa mayi amene ali ndi kachilombo malangizo a bere lotupa amakhala ena. Ataona kuti ndilibe anandiuza kuti mwana akanayenera kuyamwa berelo kuyambira tsiku lomwe ndinachokera ku Oodi.

Analankhula zambiri akugwira ntchito, ndipo ndinazimva zonse chifukwa mkwiyo unali utanditsegula makutu. Anati mkaka susasa uli m'bere, ngakhale munthu ataswera m'chipululu cha Kalahari. Anati chotupa chija si mkaka woundana woti uukankhe utuluke ayi, ndi mnofu umene watupa n'kupana tinjira ta mkaka, ndiye ukamaukanda ndi mphamvu ndi kuuthowa ndi zotentha ukungowonjezera kutupako ndi kuvulaza m'kati. Ngati n'kusisita, n'kungoyendetsa dzanja mopepuka pamwamba pa khungu kulowera kukhwapa, ngati ukusisita mwana. Anati azimayi ambiri akaona msanga, n'kupitiriza kuyamwitsa monga mwa masiku onse, kuika nsalu yozizira, kumwa bulufeni kapena panado, kumwa madzi ndi kugona, zimayamba kutha pa tsiku limodzi popanda maantibayotiki. Koma kutentha thupi ndi kuzizidwa zikapitirira tsiku lathunthu, kufiira kukamafalikira, munthu akafooka kwambiri, kapena mng'alu ukamatuluka mafinya, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo pamenepo mankhwala ndi ofunika. Ine ndinali nazo zonsezo.

Adokotala anandilembera makapisozi a kulokisasilini, kumwa kanayi pa tsiku m'mimba mulibe chakudya, atandifunsa kaye ngati penisilini amandiwenga. Namwino anandigwira dzanja popereka.

"Mutsilize yonse, olo mumvele bwino mawa lomwe. Mwana sizamuchita kanthu. Masiku yabili osasintha, olo ici cotupa cikafewa pakati, mubwele fast."

Asanatilole kupita anati tiyese mwana pa bere lomwelo. Ndinamuika. Ululu wake unafika mpaka m'mano, koma mtima wanga unakhala pansi kumuona ali pamalo pake. Anakoka kawiri katatu, anakwinya nkhope, analavula nsonga n'kuyamba kufunafuna kwina. Namwino anati zimachitika, bere likatupa mkaka umakhala ndi kamchere ndiponso umatuluka pang'onopang'ono, ndipo mwanayo anali atalawa kale botolo limene limangothira lokha. Anati ndizimupatsabe nthawi zonse, akakana ndizikama ndi dzanja mofatsa kuti lisaphwe.

Malungo anatha monga ananenera. Chotupa sichinathe. Chinasonkhana pamalo amodzi, chinafewa pakati, ndipo ndinadziwa ndekha kuti chasanduka chithupsa. Ananditumiza ku chipatala chachikulu kumene anachiona pa sikani, anabaya mankhwala ochititsa dzanzi, analowetsa singano n'kukoka. Ndinayang'ana, sindikudziwa chifukwa chake. Sirinji inadzaza ndi mafinya obiriwira osakanikirana ndi magazi, ndipo ndinaganiza za mayi uja akutafuna masamba ndi nkhuku m'mano. Ndinasanza m'kambale kamene anandipatsa. Ndinabwererako kangapo kukakoketsa asananene kuti mwauma. Nawonso adokotala a kumeneko anati ndisasiye kuyamwitsa.

Kunyumba ndinaika malire. Mthiko uja ndinauponya m'bini ndekha azakhali akuona, ndipo sanandigwirenso. Anatupa nkhope sabata yonse, akuphika mwakachetechete, kenako tchuthi chawo chinatha n'kubwerera kwa abwana awo. Ine ndinatsala ndi nkhondo yanga. Nthawi iliyonse mwana akamva njala ndinkayambira kumanzere. Ndinayesa atagona tulo, ndinayesa nditamupanira m'khwapa, ndinayesa nditagona chammbali, ndinayesa kudonthezera mkaka pa milomo yake. Ankangomva kuti ndamutembenuzira mbali imeneyo n'kuuma khosi, kubweza mutu, kukankha ndi timanja. Ndinkakama, koma zotuluka zinkachepa sabata ndi sabata, kuchoka pa theka la kapu kufika pa supuni, kenako timadontho. Tsiku lina ndinafinya ndipo sipanatuluke kanthu.

Namwino anati ndisalire, bere limodzi limakwanira kulera mwana, ndipo mwana wina akadzabwera lakumanzerelo likhoza kudzagwiranso ntchito. Sananame, mwana ananenepa, masaya kugwa, botolo tinalibweza kwa mwini wake. Koma lakumanja linakula kugwira ntchito ya awiri, lakumanzere linafota n'kutsala ndi kadzenje pamene panali chithupsa. Diresi lililonse linkapendekera mbali imodzi. Munthu wina mwina sakanasamala, koma ine ntchito yanga ndi yoona kuti nsalu yagona bwino pathupi. Ndinatenga zidutswa za leteisi zotsala ku madiresi a ku Oodi aja, ndinasoka kapilo kakang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakalowetsa m'kamisolo.

Mwana atakwanitsa chaka tinaphika mpunga n'kuitana anthu a kumpingo. Tinakhala pabwalo pa alandilodi, pansi pa mthunzi wa neti. Amayi onse aja analipo, pamodzi ndi mtsikana wina wongobwera kumene kuchokera ku Dedza, mimba ili kutsogolo. Azakhali anali pakati, akudya ndi manja. Mwana anabwera kwa ine akukoka bulauzi, ndipo pomunyamula anagwera mbali yakumanzere. Anauma khosi monga mwa nthawi zonse n'kudziponya kumanja.

Azakhali anaona. Anatambasula dzanja, mpunga ndi msuzi zili ku zala, anagwira pachifuwa panga n'kufinya kapilo kaja pamaso pa anthu onse. Anaseka.

"Mwaona? Mpaka lero sakulifuna. Mwana amadziwa zoola. Tikanapanda kumuletsa ife tsiku lija, bwenzi lero tikunena zina."

Amayi aja anavomereza ndi mitu. Mtsikana wa ku Dedza ankamvetsera ndi maso onse, ndipo azakhali anamutembenukira n'kumuuza kuti nthawi yake ikakwana asavutike, adzangowaimbira foni. Ine ndinayang'ana pa bulauzi yanga yoyera. Panali zala zinayi za msuzi, pa bere lenilenilo.